Achemwali anagoneka apu yaikulu kwambiri, koma foni inakhalabe yodzaza

Achemwali anga amasoka zovala, ndipo theka la ntchito yawo lili mu foni. M'menemo ndi mmene muli zithunzi za masitayilo amene makasitomala amawatumizira, manambala a anthu, komanso miyezo ya aliyense amene anamusokerapo. Foniyo ndi ya 64 GB ndipo imayendera Android 15. Tsiku limene ndinawapeza atakwinya nkhope, inali itakana kujambula vidiyo ya diresi limene anali atangomaliza kusoka, ati malo atha.

Sikuti anakwiya ndi kudzaza kwa foniko, poti zimenezo anazizolowera. Chinawapsetsa mtima n'chakuti munthu wina anawauza za batani lolembedwa Archive, limene limagoneka apu, kutanthauza kuichotsa popanda kukutayira zinthu zako. Iwo anatsegula mndandanda wa maapu n'kusankha imene inali pamwamba penipeni, yomvetsera nyimbo, imene pambali pake panalembedwa 2.4 GB. Anadina batanilo. Malo amene anabwerera anali cha m'ma 300 MB basi.

"Taona iwe," anatero akundipatsira foniyo. "Chinthu cha 2.4 GB ndachichotsa, nanga malowo alowera kuti? Angondinamiza basi."

Palibe amene anawanamiza. Batanilo linachita ndendende zimene linapangidwira. Koma ndinamvetsa kukwiya kwawo, chifukwa nambala imene foni imaonetsa pa mndandanda uja imabisa chinthu chimene munthu ayenera kudziwa asanadine chilichonse.

## Nambala ija ndi zinthu zitatu zophatikiza

Tinalowa mu Settings, kenako Apps, n'kutsegula apu ya nyimboyo titaibwezeretsa, kenako Storage & cache. Pa mafoni ena pamangolembedwa Storage. Pamenepo pali mizere inayi, ndipo ya achemwali, asanadine batani lija, inali chonchi:

```
App size    110 MB
User data   2.1 GB
Cache       190 MB
Total       2.4 GB
```

Nambala ya pa mndandanda ija ndi Total. Mafoni ena amalemba App ndi Data m'malo mwa mizere iwiri yoyambayo, koma tanthauzo lake ndi limodzimodzi.

App size ndi pulogalamu yeniyeniyo, imene munatsitsa ku Play Store. Ndi mafayilo a APK, pamodzi ndi zina zimene foni imakonza kuchokera ku mafayilowo kuti apu izitseguka msanga. N'chifukwa chake apu imene Play Store inakuuzani kuti mutsitsa 50 MB imatha kuoneka yaikulu kuposa pamenepo ikakhazikika. Potsitsa imabwera yopanikizidwa, ikafika imamasulidwa, ndiye foni imaonjezerapo zake. Chachikulu pa mzere umenewu n'chakuti mulibemo chanu ngakhale chimodzi. Aliyense amene ali ndi foni ngati yanu ali ndi mafayilo omwewo, ndipo mukawataya mukawapezanso kumene munawatenga.

User data ndiye zanu. Deta imeneyi si ya bandulo ya intaneti ayi, ndi zinthu zimene apu yasunga chifukwa choti mwaigwiritsa ntchito inuyo: umboni woti munalowa mu akaunti, zimene munasintha kuti apu izioneka mmene mumafunira, mauthenga, zimene munalemba, ndiponso nyimbo, mapu kapena mavidiyo amene munatsitsa kuti muziona popanda intaneti. Zambiri zimakhala mu foda yobisika ya apuyo, imene apu ina iliyonse singalowemo, ngakhale ija yoonera mafayilo. Zina zimakhala mu `Android/data` kapena `Android/media`, ndipo kuyambira pa Android 11 nayonso `Android/data` anaitsekera maapu oonera mafayilo. Motero munthu ukhoza kufufuza foni yonse osaona pamene 2.1 GB yabisala.

Cache ndi makope ongoyembekezera, monga tizithunzi ta zikuto za nyimbo kapena masamba amene munatsegulapo kale, osungidwa kuti apu isamawatsitse kawiri. Mukawafufuta apu imawapanganso, ndipo foni payokha imawachepetsa malo akayamba kuthina.

Achemwali ndinawafotokozera ndi za m'chipinda chawo chosokera. App size ndi makina osokera: ndi olemera, amadya malo, koma atachoka mukhoza kupeza ena ofanana nawo. Cache ndi mapatani a pepala amene munadula kuti ntchito izifulumira, oti mutha kudulanso. User data ndi kope la miyezo ya makasitomala pamodzi ndi nsalu zimene anthu anasiya.

"Ndiye ine ndinatulutsa makina, nsalu zonse n'kutsala momwemo," anatero.

Ndi zomwezo. 110 MB ya pulogalamu kuphatikiza 190 MB ya Cache ndiye 300 MB imene inabwerera ija. 2.1 GB ya nyimbo zimene anatsitsa sinasunthe, ndipo sinayenera kusuntha.

## Chimene Archive imachotsa, ndi chimene imasiya dala

Kale njira zinalipo zitatu, ndipo zidakalipo. Clear cache imachotsa makope ongoyembekezera okha. Clear storage, imene pa mafoni ena imalembedwa Clear data, imafufuta zanu zonse n'kusiya pulogalamu ili ngati yangoikidwa kumene. Uninstall imachotsa zonse. Panalibe njira yochotsera pulogalamu yokha zanu n'kutsala, kupatula pa maapu ochepa amene kuyambira pa Android 10 amakufunsani ngati mukufuna kusunga deta powachotsa. Eni ma iPhone anali nayo kale njira yotere kuyambira mu 2017, pa dzina loti Offload App.

Ku Android inabwera pawiri. Mu 2023 Google inayamba kuiyendetsa kudzera mu Play Store, pa maapu okhawo amene eni ake anawatumiza ku sitoloyo m'njira yotchedwa Android App Bundle. Play Store inkachotsa mbali yaikulu ya pulogalamu n'kusiya kachidutswa kakang'ono kongogwirira malo. Ndipo mu 2024, Android 15 inailowetsa m'kati mwa foni momwe, moti batani la Archive linayamba kuoneka pa tsamba la App info, pamene munthu angagoneke apu imene wasankha yekha. Apu ikagonekedwa chonchi, mafayilo a APK ndi Cache zimachoka, User data imatsala. Chizindikiro cha apuyo chimakhalabe pa sikirini, koma chili ndi kamtambo pamwamba. Mukachidina, kapena mukadina Restore, foni imatsitsanso pulogalamu ija n'kuilumikiza ku deta yanu, ndipo nthawi zambiri mumapeza zonse zili mmene munazisiyira.

Pamene Google inkalengeza njirayi inanena kuti ingabweze malo ofika pafupifupi 60 peresenti ya amene apu yatenga. Mawu oti "ofika" ndi ofunika kuwamva bwino. Kwa achemwali, 300 MB pa 2.4 GB ndi gawo limodzi mwa magawo 8. Pa apu ina ikhoza kubweza pafupifupi zonse. Simufunika kulosera, chifukwa masamu ake ali poyera: phatikizani App size ndi Cache, ndipo amenewo ndiwo malo amene mupeze. Total musaiwerengere n'komwe.

Magemu amasokoneza anthu ambiri pamenepa. Gemu imatha kukhala ya 200 MB potsitsa, koma mukangoitsegula imayamba kutsitsa yokha zithunzi ndi mawu okwana ma GB angapo. Zimene yatsitsa yokhazo nthawi zambiri zimawerengedwa ngati User data, ngakhale kuti si zanu kwenikweni. Mukaigoneka gemu yotere mupeza kamalo kochepa, katundu yense ali phee pomwepo.

## Tinasiya kuyang'ana zazikulu, tinayang'ana zosagwiritsidwa ntchito

Titamvetsa zimenezi tinayambanso, koma ulendo uno tinkatsegula apu iliyonse imene achemwali ankati papita miyezi asanaikhudze, n'kuona mzere woyamba wokha.

Panali apu yokongoletsera zithunzi imene mwana wawo anaikamo. App size yake inali 340 MB, User data 9 MB, Cache 60 MB. Pa mndandanda uja inali pansi ndithu, yosachititsa chidwi, koma itagonekedwa inabweza 400 MB, kuposa apu ya nyimbo imene inkaoneka yaikulu kasanu n'kuposa. Panalinso apu yogulira matikiti a ulendo, ina yochitira misonkhano pa vidiyo imene anaifuna kamodzi kokha, ndi ina yophunzirira chinenero. Zonsezi zinali zofanana kapangidwe: pulogalamu yaikulu, deta yochepa. Zinayizo pamodzi zinabweza malo opitirira pang'ono 1 GB.

Mwina mungafunse kuti bwanji osangozichotseratu. Pa ina mwa izo kuchotseratu kukanakhala bwino ndithu, ndipo apu imene mukudziwa kuti simudzaifunanso palibe chifukwa choisungira. Koma taganizani za ya matikiti ija. Ka 9 MB kapena 15 MB ka User data ndi kamene kamasunga zoti munalowa kale mu akaunti. Mukachotseratu, tsiku lodzaifunanso mudzayamba kusakasaka pasiwedi imene munaiwala, kudikira nambala yotsimikizira, kulembanso zonse. Kugoneka kumakusungirani kachinthu kakang'ono kovuta kubwezako, n'kutaya chachikulu chosavuta kubweza. Maapu ena, makamaka okhudza ndalama, amakufunsanibe kuti mulowenso pakapita nthawi, koma zimenezo amachita ngakhale musanawagoneke.

Nanga 2.1 GB ya nyimbo ija? Imeneyo mankhwala ake sali mu Settings. Tinatsegula apu yeniyeniyo, n'kupita pamene pali zotsitsidwa, achemwali n'kumasankha okha zimene anatopa nazo. Anachotsa pafupifupi 1.5 GB, ndipo nyimbo zimene amasokera tsiku ndi tsiku zinatsala. Clear storage ikanabweza malo onse pakamodzi, koma ikanawatulutsanso mu akaunti n'kufufuta nyimbo zonse osasankha. Apu iliyonse imene User data yake yatupa, kaya ndi ya mauthenga, ya mapu kapena ya mavidiyo, yambani mwafufuza m'kati mwake momwe, chifukwa ndi apu yokhayo imene ikudziwa kuti fayilo iyi ndi nyimbo yotsitsikanso, iyo ndi uthenga wa mawu umene kulibenso kwina.

Za Cache sindikhalitsapo. Kuifufuta kumathandiza tsiku limene mwapanikizika, koma pa apu imene mumatsegula tsiku lililonse imadzazanso posakhalitsa, ndipo poidzazanso imadya bandulo yanu.

## Ka apu ka miyezo

Apa ndi pamene nkhaniyi inandigwira, ndipo mpaka pano sinandichoke m'mutu.

Achemwali anali atazolowera tsopano, chala chikungothamanga. Anafika pa ka apu kamene amalembamo miyezo ya makasitomala: chifuwa, chiuno, kutalika kwa mkono, ndi ndalama zimene munthu watsala nazo kulipira. Miyezo yatsopano anali atayamba kulemba pena, ndiye aka ankangokatsegula kasitomala wakale akabwera.

"Akanso kagone," anatero. "Si wanena kuti zanga sizitayika?"

Ndinawagwira dzanja. "Dikirani kaye achemwali, tione."

App size inali 38 MB. User data inali 14 MB. Ka apuko sikanawafunsepo akaunti kapena imelo chiyambire, kutanthauza kuti panalibe chizindikiro chilichonse choti miyezoyo ili kwina kupatula mu foni momwemo. Tinakafufuza ku Play Store ndipo tinakapeza, koma pamene pamalembedwa tsiku limene kanakonzedwa komaliza panali chaka chakale ndithu. Kanali ka munthu mmodzi, osati kampani.

Zimene ndinawauza poyamba zinali zoona: Archive siifufuta User data. Koma pali mbali ina imene batanilo silikuuzani. Deta ya apu imatseguka ndi apu yake yokha. Mukaigoneka, pulogalamu ija mu foni mulibenso, ndipo kuti ibwerere pafunika kuti ikhale ikupezekabe kumene munaitenga. Mwini wake akaichotsa ku Play Store, kapena ikachotsedwa pa zifukwa zina, Restore ikhoza kukanika. Miyezo ija idzakhala ili momwemo mu foni, 14 MB yonse yathunthu, mu foda imene inuyo simungatsegule, popanda pulogalamu yoiwerenga. Pamene apu imene simunaigoneke imapitiriza kugwira ntchito ngakhale itachotsedwa ku sitolo, chifukwa mafayilo ake muli nawo.

Ndiye taonani kusinthanitsa kwake: kupeza 38 MB, malo osakwana ndi vidiyo ya mphindi imodzi, n'kuika pachiswe miyezo ya zaka zambiri. Ine sindingavomere zimenezo pa foni ya munthu aliyense.

Chinanso chimene ndimadandaula nacho ndi kamtambo kaja. Munthu akaona mtambo amaganiza kuti zinthu zake zakwera pa intaneti, zasungika. Ayi ndithu. Kamtamboko kakungonena kuti pulogalamu ikatengedwa pa intaneti. Deta yanu ili mu foni momwemo, ndipo foni ikabedwa, ikagwera m'madzi kapena ikafufutidwa yonse, deta ya apu yogonekedwa imapita ngati ya apu ina iliyonse. Android ili nayo njira yosungira deta ya maapu ku akaunti ya Google, imene inayamba ndi Android 6.0, koma imalola 25 MB yokha pa apu iliyonse, ndipo wopanga apu ali ndi ufulu woizimitsa. Choncho ngakhale 14 MB ya achemwali ikanakwana, sitikanangokhulupirira kuti inasungidwa.

Tinatsegula ka apuko n'kufufuza mpaka tinapeza polembedwa Export. Kanatulutsa fayilo imene imatseguka ngati tebulo la mizere, ndipo tinaitumiza ku imelo yawo. Achemwali anaitsegula pa foni yanga, n'kuwerenga mayina angapo kuti atsimikize kuti ndi yathunthu. Anakhala kaye chete, kenako anati, "Anthu onsewa ndikanawayezanso liti?"

Kuyambira tsiku limenelo ndinasintha funso limene ndimafunsa ndikamathandiza munthu kupeza malo mu foni. Kale ndinkayamba ndi kufunsa kuti chachikulu ndi chiti. Pano ndimayamba ndi kufunsa kuti chimene chili muno mokha, chopanda kope kwina, ndi chiti. Kawirikawiri chimakhala chaching'ono kwambiri, moti pa mndandanda chili kumapeto.

## Foni ikamagoneka maapu payokha

Panatsala chinthu chimodzi. Ngakhale achemwali asadine Archive, foni ikanatha kukagoneka yokha ka apu kaja, chifukwa kwa foni, apu yosatsegulidwa miyezi ingapo ndi apu yosafunika.

Pali malo awiri oyang'ana. Oyamba ali mu Play Store: dinani chithunzi cha akaunti yanu, kenako Settings, General, ndipo mupeza Automatically archive apps. Mukayatsa, Play Store imagoneka maapu osagwiritsidwa ntchito malo akachepa. Achiwiri ali pa tsamba la App info la apu iliyonse. Pa Android 15 pamalembedwa Manage app if unused, ndipo pa Android 13 ndi 14 pankalembedwa Pause app activity if unused. Kakakhala koyatsa, apu imene yakhala miyezi ingapo osatsegulidwa imalandidwa zilolezo, imasiya kutumiza mauthenga okudziwitsani, mafayilo ake ongoyembekezera amafufutidwa, ndipo pa Android 15 ikhoza kugonekedwa. Pa ka apu ka miyezo tinazimitsa kameneka.

Ineyo sindikuona vuto kusiya njira yodzichitira yokhayi ili yoyatsa, makamaka pa foni ya malo ochepa, bola muzimitse pa maapu ochepa amene simungalole kuti agone. Apu yogonekedwa siigwira ntchito iliyonse: siilira, siikumbutsa, siilandira uthenga. Ndiye ganizirani maapu amene ntchito yawo ndi kudikira mwakachetechete, monga yokuchenjezani za ngozi kapena yokukumbutsani za chinthu chochitika kamodzi pachaka. Ganiziraninso amene mumawafuna mwadzidzidzi pamalo opanda intaneti, monga mapu, mtanthauzira mawu, kapena apu yotulutsa manambala olowera mu maakaunti. Mapu amene munatsitsa adzakhala alipo mu User data, koma popanda intaneti yobwezeretsera pulogalamu simudzawaona.

Kubwezeretsa kumafuna zinthu zitatu: intaneti, malo okwanira pulogalamu ija, ndi sitolo imene ili nayobe. Chachiwirichi chimaiwalika. Ngati munagoneka apu ya 340 MB kenako n'kudzaza malowo ndi mavidiyo, Restore idzakanika mpaka mutapezanso malo. Dziwaninso kuti chimene chimabwera ndi mtundu watsopano wa apuyo umene uli ku sitolo tsiku limenelo, osati umene munagoneka, choncho mukhoza kuipeza itasintha maonekedwe. Ndipo apu imene munaika kuchokera pa fayilo ya APK yopatsidwa ndi mnzanu nthawi zambiri ilibe sitolo yoibweza, n'chifukwa chake batani la Archive limatha kusaoneka kapena kukana kudinika. Chimodzimodzinso maapu ambiri amene anabwera ndi foni.

Apu yogonekedwa ikakana kudzuka, musathamangire kudina Uninstall poganiza kuti muiikenso bwinobwino, chifukwa pamenepo m'pamene deta ija imafufutikadi. Yambani mwaona ngati malo alipo okwanira, kenako yesani pa intaneti ina, kenako tsimikizani kuti mu Play Store mwalowa ndi akaunti yomwe munatsitsira apuyo poyamba. Nthawi zina apu imene sikuonekanso mukaifufuza ndi dzina imapezekabe pa mndandanda wa maapu amene akaunti yanu inatsitsapo, pansi pa Manage apps & device. Ikapanda kupezeka ngakhale pamenepo, chisiyeni chizindikirocho chikhale pomwepo ndi kamtambo kake, ndipo lemberani wopanga apuyo kumufunsa ngati angaibwezeretse kapena kukupatsani njira ina yoiikira.